Mwapempha Kukumana, Yankho Silikubwera: Kakumbutsidwe Kaulemu

Munthu akalemba kalata kapena uthenga wopempha kukumana ndi wina, masiku nkumadutsa osamva kanthu, amatsala ndi mafunso atatu: akumbutse liti, adzere njira iti, ndipo anene chiyani. Pakati pa anthu ozolowerana palibe chovuta, chifukwa mumangoimba foni nkufunsa. Vuto limakula pamene wopemphayo ndiye akufuna thandizo, pomwe wopemphedwayo ndi wamkulu pa udindo: mkulu wa ofesi ya boma, mphunzitsi wamkulu, bwana wa kampani kapena mfumu. Apa wopempha amaopa zinthu ziwiri. Akakumbutsa msanga aoneka wamwano kapena wotopetsa. Akakhala chete, nthawi yomwe nkhani yake ikanathandizika idutsa.

Tisiyanitse kaye zinthu zitatu zomwe anthu amazisokoneza. Kukana ndi yankho, ndipo kukafika nkhani yatha. Mawu akuti "tidzakuuzani" ndi lonjezo, ndipo wokumbutsa amakhala ndi poyambira. Koma chete si yankho ndipo si lonjezo. Sanena ngati pempho linafika, ngati linawerengedwa, kapena ngati mwini wake analiganizirapo nkomwe. Choncho ntchito yoyamba ya chikumbutso ndi kupeza pomwe pempho latsakamira. Ntchito yachiwiri ndi kupeputsa yankho, kuti woyankhayo athe kulipereka ndi mawu ochepa, ngakhale yankholo litakhala lokana. Ulemu weniweni wa chikumbutso wagona pa ntchito ziwirizi kuposa pa kuchuluka kwa mawu olemekeza.

Kuchokera kwa mthenga kufika pa foni ya m'manja

Kumudzi, munthu wofuna kuonana ndi mfumu sangofikira pakhomo pake. Amadzera kwa nduna kapena nyakwawa, monga momwe nkhani za ukwati zimadzera kwa ankhoswe. Dongosolo limeneli lili ndi ubwino womwe sitiuganizira kawirikawiri: pempho limayenda ndi munthu, ndipo munthuyo amabwerera. Ngakhale mfumu isanayankhe, mthenga amabwera ndi mawu akuti a mfumu apita kumaliro, kapena akuti nkhaniyo aimva koma akufuna afunse kaye akuluakulu. Wopempha sakhala mumdima, ndipo kukumbutsa kumakhala ntchito ya mkhalapakati yemwe amadziwa nthawi yabwino yolankhula.

Maofesi a boma anabweretsa kalata, ndipo kalata ili ndi njira yake. Ikafika imalandiridwa ku rejisitiri, nkudindidwa chidindo cha tsiku, nkulembedwa m'kaundula wa makalata olowa, kenako nkuikidwa m'fayilo. Mkulu wa ofesi amaiona nkulembapo dzina la yemwe aigwirire ntchito. Njirayi ndi yochedwa, koma imasiya mapazi. Wobweretsa kalata akasainitsa m'buku lake loperekera makalata, amakhala ndi tsiku ndi dzina la wolandira, ndipo angathe kuilondola.

Mafoni a m'manja anafika m'Malawi mu 1995 pomwe TNM inayamba ntchito, ndipo Celtel, yomwe lero ndi Airtel, inatsatira mu 1999. Imelo ndi WhatsApp zinafala pambuyo pake nkuchotsa mkhalapakati yense. Lero mlimi wa ku Mchinji angathe kulembera mkulu wa ofesi ku Lilongwe mwachindunji. Koma uthenga ukapita wopanda mthenga, palibenso wobwerera ndi mawu. Mu 2014 WhatsApp inayambitsa matiki awiri a buluu osonyeza kuti uthenga watsegulidwa, ndipo chete anayamba kupweteka kuposa kale, chifukwa wotumiza tsopano amaona kuti "awerenga koma sanayankhe." Njira zotumizira zinafulumira kwambiri, koma nthawi yomwe munthu wa udindo amafuna kuti aone kalendala yake, afunse anzake ndi kusankha tsiku sinasinthe. Kusiyana kumeneku ndiko kumabala nkhawa zambiri za wodikira.

Pomwe pempho limatsakamira

Pali malo angapo pomwe pempho lingaime, ndipo malo alionse ali ndi zizindikiro zake ndi mankhwala ake.

Poyamba, pempho lingathe kukhala kuti silinafike. Imelo yochokera kwa munthu wachilendo, makamaka yokhala ndi zomata zikuluzikulu, nthawi zina imagwera m'bokosi la Spam. Adiresi yomwe ili pa chikwangwani kapena pa kabuku ka bungwe ingakhale ya ofesi yonse, yomwe palibe amaitsegula tsiku ndi tsiku, kapena ya munthu yemwe anasamutsidwa. Pa WhatsApp, tiki imodzi yotuwa imatanthauza kuti uthenga wachoka kwa inu koma sunafike pa foni ya mnzanuyo, mwina chifukwa foni yazima, netiweki kulibe kapena bando yatha. Matiki awiri otuwa ndiye kuti wafika. Koma kusasanduka buluu sikutsimikiza kuti sunawerengedwe, poti munthu angathe kuzimitsa chizindikiro chimenechi pa foni yake. Kalata ya pepala nayo ingakhale ili m'fayilo yomwe ikudikira pa tebulo la munthu wina. Pa zonsezi, kulembanso pa njira yomweyo nkutaya nthawi. Chofunika ndi kufunsa pa njira ina funso limodzi lokha: kodi kalata ija inafika?

Kachiwiri, pempho lingafike koma mwini wake palibe. Ogwira ntchito m'maboma amakhala masiku ambiri kumidzi poyendera ntchito, kapena ku misonkhano ndi maphunziro ku Mponela, Salima, Liwonde ndi Mangochi. Maliro amachotsa munthu pa ntchito masiku angapo mosakonzekera. Palinso nyengo zomwe ofesi yonse imapanikizika: kumapeto kwa Marichi pomwe chaka cha chuma cha boma chimatha, nthawi ya mayeso kusukulu, nthawi yogawa zipangizo zaulimi ku ofesi za zaulimi. Chizindikiro chake nchakuti anthu enanso akudandaula kuti sakuyankhidwa. Yemwe amadziwa zoona pa izi ndi mlembi wa bwanayo kapena mesenjala, ndipo ndi bwino kuwapatsa ulemu wonse womwe mukanapatsa bwana mwini, chifukwa kalendala amasunga ndi iwowo.

Kachitatu, ndipo apa mpomwe mapempho ambiri amafera, uthenga unawerengedwa koma unali wovuta kuyankha. Taganizani uthenga wakuti, "Bwana, ndimafuna tikumane nthawi ina mukapeza mpata, pali nkhani." Kuti auyankhe, wolandira ayenera kuganiza kuti nkhaniyo ndi yotani, ngati ndi yake kapena ya ofesi ina, itenga nthawi yaitali bwanji, akumane kuti, ndipo tsiku liti. Ameneyo ndi munthu yemwe wawerenga uthengawo ali pakati pa msonkhano. Amanena mumtima kuti ayankha madzulo, uthenga nkukwiririka ndi ena makumi angapo. Sanakane, sanavomere, anangoimika. Mawu akuti "pali nkhani" amawonjezera vuto lina: anthu a udindo amapemphedwa ndalama ndi ntchito pafupipafupi, ndiye pempho losatchula mutu amaliyesa la mtundu womwewo, nkulizemba. Wopempha amaganiza kuti kusiya zonse m'manja mwa wamkulu ndiwo ulemu, pomwe kwenikweni wamusenzetsa ntchito yonse.

Ogwiritsa ntchito makalendala a pa kompyuta ali ndi msampha wawo. Kuitana kotumizidwa kudzera mu Outlook kumapatsa wolandira mabatani a Accept, Tentative ndi Decline, ndipo pa mitundu ina ya pulogalamuyi munthu angavomere nkusankha kusatumiza yankho. Msonkhano umalowa pa kalendala yake, koma woitana saona kanthu. Choncho chete wa pa kalendala nthawi zina amabisa "inde."

Pomaliza pali chete yemwe ndi kukana. Akuluakulu anati kukana nsalu ya akulu nkuviika, kutanthauza kuti munthu amapeza njira yokanira popanda kutchula mawu oti ayi. Ambiri amaona kuti kukana poyera kumachititsa mnzawo manyazi, ndiye amasiya nthawi iwayankhulire. Chete wotereyu alipodi, koma sangadziwike pa uthenga woyamba. Amadziwika pokhapokha zifukwa zitatu zija zitachotsedwa: mwatsimikiza kuti pempho linafika, mwini wake alipo, ndipo funso linali losavuta. Kulakwitsa kofala ndi kuthamangira ku chifukwa chomalizachi tsiku lachitatu, nkulemba chikumbutso chomveka kudandaula.

Masiku angati? Zodziwika ndi zomwe anthu amasiyana

Palibe lamulo lonena masiku omwe munthu ayenera kuyankha pempho la msonkhano. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza zomwe akufuna kudziwa kuchokera ku maofesi a boma, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, limaika malire a masiku 15 ogwira ntchito, koma limakhudza kupempha zikalata ndi mauthenga, osati kupempha kuonana ndi munthu. Choncho musaligwiritse ntchito ngati chikwapu m'chikumbutso cha msonkhano.

Kafukufuku wa kunja amatipatsa mfundo zingapo zothandiza. Mu 2015 akatswiri a ku yunivesite ya Southern California pamodzi ndi a Yahoo anaunika maimelo pafupifupi 16 biliyoni, nkupeza kuti mayankho ambiri amabwera msanga kwambiri, ndipo pafupifupi 90 pa 100 aliwonse amabwera m'masiku ochepa oyambirira. Tanthauzo lake kwa wodikira ndi lakuti imelo yomwe yatha sabata osayankhidwa siyembekezeka kuyankhidwa yokha. Kudikira sabata yachiwiri ndi yachitatu sikuwonjezera mwayi, kumangochedwetsa nkhani. Umboni woti kukumbutsa kumagwira ntchito ndi wakale ndithu. Mu 1978 Don Dillman, katswiri wa kafukufuku wodzera m'makalata ku America, anafalitsa ndondomeko yokumbutsa anthu pakatha sabata imodzi, kenako masabata atatu, kenako asanu ndi awiri, ndipo ndondomekoyi inadziwika chifukwa chokweza chiwerengero cha oyankha. Mu 2017 Mahdi Roghanizad ndi Vanessa Bohns anaonetsa kuti pempho lopita kwa munthu wachilendo limavomerezedwa kwambiri likanenedwa pamaso kusiyana ndi pa imelo, ndipo otumiza maimelo sankazindikira kuti kusiyanako nkwakukulu chotero.

Kafukufukuyu anachitika pakati pa anthu akunja, ndipo ambiri sanali kupempha kwa akulu awo pa udindo. Amatiuza kuti kukumbutsa kumathandiza ndi kuti kusintha njira kumathandiza, koma sapereka tsiku lenileni. Pa tsikulo anthu amasiyana maganizo. A zamalonda ambiri amalangiza kukumbutsa pakatha masiku awiri kapena atatu, ponena kuti nkhani ikazizira imaiwalika. Ozolowera maofesi a boma amati mudikire sabata imodzi kapena ziwiri, chifukwa kalata imafuna nthawi kuti ichoke ku rejisitiri nkufika pa tebulo loyenera. Onsewa akunena zoona pa njira yomwe aliyense amaidziwa. Uthenga wa WhatsApp umakwiririka m'masiku awiri. Imelo kwa munthu wa mu ofesi ingapatsidwe masiku atatu mpaka asanu ogwira ntchito. Kalata ya pepala imafuna masiku asanu kapena kuposerapo.

Pali mfundo ziwiri zomwe zimaposa mawerengedwe onsewa. Yoyamba: werengani masiku ogwira ntchito okha. Uthenga wotumizidwa Lachisanu madzulo, pofika Lolemba m'mawa sunathe ngakhale tsiku limodzi, ngakhale wotumiza amamva ngati papita atatu. Yachiwiri: werengani chobwerera kuchokera pa tsiku lomwe msonkhano uyenera kukhala utachitika. Ngati nkhani iyenera kukambidwa pasanathe masiku khumi, kudikira sabata yathunthu nkudzipweteka. Chikumbutso chifike nthawi ikadalipo yoti wamkuluyo asankhe tsiku momasuka, chifukwa chikumbutso chofika mawa lake lili tsiku lomaliza chimasanduka chikakamizo ngakhale mawu ake atakoma bwanji.

Zomwe chikumbutso chinene, ndi zomwe chisanene

Chikumbutso chabwino chimaima pachokha. Wowerenga asafunike kufufuza uthenga woyamba kuti amve nkhani. Chimatchula yemwe akulemba ndi gulu lomwe akuimira, tsiku lomwe pempho loyamba linatumizidwa, mutu wa nkhani m'chiganizo chimodzi, ndi kutalika kwa nthawi yomwe ikufunika. Kenako chimapereka masiku awiri oti asankhepo. Tsiku limodzi limamveka ngati lamulo, masiku asanu amabwezera wowerenga ntchito yoganiza, koma awiri amalola yankho la mawu amodzi. Ngati ndi imelo, yankhani pa uthenga wanu woyamba womwewo kuti zonse zikhale pamodzi.

Chigawo chomwe ambiri amachisiya ndi khomo lotulukira. Awa ndi mawu olola wamkuluyo kukana, kusuntha tsiku kapena kukutumizani kwa wina popanda manyazi. Ena amaopa kuti kutsegula khomoli nkudzikanitsa. Koma munthu yemwe akufuna kukana akana ndithu, ndipo khomo likatsekedwa amakana ndi chete, inu nkutaya masabata awiri. Komanso nthawi zambiri yankho loona limakhala lakuti nkhaniyi si ya ofesi yawo, kapena wachiwiri wawo angaithe. Kufunsa kuti "alipo wina amene ndingaonane naye?" kumatulutsa yankho limeneli.

Mawu oyenera kuwapewa ndi onse owerengera munthu mlandu. "Mpaka pano simunandiyankhe" ndi "ndaona kuti mwawerenga" amaika wamkulu pa malo oti apepese asanayankhe, ndipo munthu yemwe akuyenera kupepesa kwa wamng'ono amangozengereza. Nenani zomwe inu munachita, osati zomwe iwo sanachite: "ndinapereka kalata Lolemba." Kumbali inayo, kupepesa kopitirira muyeso nakonso kumawononga. Mizere inayi ya "pepani kwambiri pokuvutitsani" imakankhira funso pansi pomwe diso lothamanga silifika. "Pepani" mmodzi akwanira. Moni ndi wofunika, koma akhale mu uthenga womwewo. Kutumiza "Mwadzuka bwanji bwana" payekha nkudikira yankho musananene nkhani kumawonjezera uthenga wina wosayankhidwa. Mauthenga a mawu ojambula sathandizanso pano, chifukwa munthu ali mu msonkhano sangawamvere, ndipo sangapezemo tsiku mwachangu akamayang'ana kalendala.

Chitsanzo: kopaletivi ya soya ndi ofesi ya zaulimi

Tiyerekeze kuti kopaletivi ya alimi a soya yapeza wogula, ndipo mgwirizano uyenera kusainidwa pofika Lachisanu pa 23 Meyi. Komiti ikufuna kuti mkulu woona za malonda a zaulimi pa boma aone mgwirizanowo asanasaine. Mlembi wa kopaletivi akupereka kalata ku ofesiyo Lolemba pa 5 Meyi, nasainitsa m'buku, natenganso nambala ya foni ya mlembi wa mu ofesimo. Kalatayo ikungopempha "kukumana nanu pa nkhani ya msika wa soya," osatchula tsiku.

Pofika Lachisanu pa 9 palibe yankho. Masiku ogwira ntchito apita anayi okha, ndiye si nthawi yokumbutsa bwanayo. Koma ndi nthawi yabwino yofunsa ngati kalata inafika, ndipo funsoli likupita kwa mlembi wa mu ofesi: "Mayi, mwaswera bwanji? Ndine mlembi wa kopaletivi ya soya, ndinasiya kalata Lolemba. Ndimangofuna kudziwa ngati inafika pa tebulo la abwana." Mayiyo akuyankha kuti inafika Lachitatu, koma abwana ali kumidzi, abwera Lolemba. Ndi foni ya mphindi imodzi, zifukwa ziwiri zadziwika, ndipo palibe yemwe wakhumudwa.

Lolemba pa 12 si tsiku labwino, chifukwa munthu wongobwera kumene amapeza tebulo lodzaza. Lachitatu pa 14 ndi tchuthi chokumbukira Kamuzu. Choncho chikumbutso chikupita pa WhatsApp Lachiwiri pa 13 m'mawa, ndipo chikukonza zomwe kalata yoyamba inasiya:

"Mwadzuka bwanji bwana. Ndine mlembi wa kopaletivi ya alimi a soya, amene tinapereka kalata ku ofesi yanu pa 5 Meyi. Tapeza wogula soya wathu, ndipo tikupempha mphindi 30 kuti mutionere mgwirizano tisanasaine pa 23 Meyi. Tingathe kubwera ku ofesi yanu Lachiwiri pa 20 kapena Lachinayi pa 22, nthawi iliyonse m'mawa. Ngati masikuwa muli otanganidwa, chonde tiuzeni wina mu ofesi yanu amene tingaonane naye. Zikomo kwambiri."

Uthengawu ukunena chifukwa chenicheni cha changu, chomwe ndi tsiku losaina. Tsiku lomaliza lotchulidwa m'chikumbutso liyenera kukhala loona, chifukwa lopeka likadziwika, zikumbutso zanu zonse zam'tsogolo zimapepuka. Ukunenanso kuti alimi ndiwo ayende, kuti bwanayo asayambe kuganiza za galimoto ndi mafuta. Ndipo ungayankhidwe ndi mawu akuti "Lachinayi, 9 koloko."

Matiki akusanduka buluu, koma yankho silikubwera. Mlembi sakutumiza uthenga wina pa WhatsApp. Lachisanu pa 16 akuimbiranso mayi a mu ofesi aja, nafunsa funso lopepuka: mwa masiku awiri aja, ndi liti lomwe pa kalendala ya abwana pali mpata? Mayiyo akulowa kukafunsa, nabwera ndi yankho lakuti sabata yonseyo abwana ali ndi alendo, koma wachiwiri wawo awalandira Lachiwiri. Mlembi akutumiza mzere umodzi wothokoza ndi wotsimikiza tsiku, nthawi ndi malo. Msonkhano ukuchitika ndi munthu wina, osati yemwe anapemphedwa poyamba, koma mgwirizano waonedwa patatsala masiku atatu. Kalata yoyamba ikanatchula masiku, mphindi 30 ndi tsiku losaina, mwina njira yonseyi ikanafupika ndi sabata.

Kungofika, kudzera mwa wina, ndi kudumpha

Chikumbutso cholembedwa chikalephera, pamatsala njira zitatu, ndipo pa iliyonse anthu sagwirizana.

Kungofika ku ofesi osapangana ena amakuona ngati kusalemekeza nthawi ya mwini ofesi. Ena amati maofesi ambiri a kuno amayenda chomwecho, ndipo amene wakhala pa benchi panja ndi amene amaonedwa. Zoona zili pakati, ndipo zimatengera zomwe mwafikira. Kufika kuti mukapemphe tsiku ndi ulemu: mwapereka moni, mwatenga mphindi ziwiri, mwachoka ndi tsiku. Kufika ndi anthu asanu ndi mafayilo kuti msonkhano uchitike pomwepo ndi kulanda nthawi ya munthu. Kumbukiraninso mtengo wa ulendo. Kwa munthu wochokera kutali, kuimba kaye kuti amve ngati abwana alipo kumapulumutsa ndalama ya minibasi.

Kudzera mwa munthu wodziwana ndi onse awiri ndi njira yakale ya mthenga ija, ndipo imagwirabe ntchito. Kwa mfumu ndiyo njira yokhayo yoyenera: chikumbutso chimapita kwa nduna yomwe inatenga pempho, osati pa foni ya a mfumu. M'maofesi, malire ake ndi akuti mkhalapakati akumbutse, asakakamize. Mlangizi wa zaulimi kunena kuti "alimi aja akudikirabe tsiku" ndi chikumbutso. Kutuma munthu wandale kapena wachibale wa bwanayo kuti akamupanikize kungabweretse msonkhano, koma mudzakumana ndi munthu yemwe wabwera mokakamizidwa, ndipo adzakumbukira.

Kudumpha, kapena kuti kulembera bwana wa munthuyo, kapena kumuika pa mzere wa Cc wa imelo yokumbutsa, ndi njira yolemera kwambiri. Wolandira amaimva ngati kumunenera, ngakhale mawu atakhala ofatsa. Ili ndi malo ake: pamene kukumana nanu ndi udindo wa ofesiyo, monga pa dandaulo la kholo kusukulu kapena malipiro ochedwa, ndipo njira zina zonse zayesedwa. Zikatero muuzeni kaye mwini wakeyo kuti, chifukwa cha nthawi, mufunsanso ku ofesi ya pamwamba. Pamene msonkhano ndi chisomo chabe, monga kupempha upangiri kapena kudzaonetsa malonda, kudumpha kulibe malo.

Kuleka liti

Kusiyana kwa udindo ndi chisomo ndiko kumanenanso kuchuluka kwa zikumbutso. Amalonda ena amaphunzitsa kukumbutsa kasanu kapena kuposerapo, koma malangizo amenewa amachokera kwa anthu omwe amalembera alendo mazana, ndipo akakwiyitsa mmodzi sataya kanthu. Munthu yemwe adzafunanso ofesi yomweyo chaka chamawa, ndipo adzakumana ndi bwanayo kutchalitchi kapena kumaliro, sangatengere chitsanzo chimenecho. Pa pempho la chisomo, zikumbutso ziwiri zodzera njira ziwiri zosiyana ndi zokwanira. Zikadutsa popanda yankho, mutatsimikiza kuti zinafika ndipo mwini wake alipo, chete uja mumuwerenge ngati kukana kwa nthawi ino.

Uthenga womaliza usafunsenso kanthu. Ungonena zomwe muchite, kuti nkhani itsekeke bwino mbali zonse: "Bwana, tikudziwa kuti nyengo ino ntchito yachuluka. Pa nkhani ya mgwirizano ija tipempha upangiri kwa alangizi a kudera kwathu kuti tisaphonye tsiku. Tidzakudziwitsani momwe malonda ayendere. Zikomo." Mawu akuti "ndikapanda kumva kanthu ndiyesa kuti mwavomera" asalembedwe kwa munthu wamkulu pa udindo, chifukwa amamuikira yankho m'kamwa. Amagwira ntchito pakati pa anzanu a pa ntchito okha, pa nkhani yomwe munagwirizana kale.

Pamene kukumana nanu ndi udindo wa ofesiyo, simuleka, koma mumasintha kachitidwe. Mauthenga a pa foni amalowedwa m'malo ndi kalata yolembedwa bwino, yotchula masiku onse omwe munapempha ndi njira zomwe munadzera, popanda mawu okalipa. Kalatayo iperekedwe ku rejisitiri, ndipo kope lanu lidindidwe chidindo cha tsiku lomwe yalandiridwa, kuti mukadzafika ku ofesi ya pamwamba mudzakhale ndi choonetsa.